Boti Limene Linasowa pa Chithunzi

Chithunzi chimene chinamangitsa Abdulkarim anajambula ndi Jailosi, ndipo, tinene chilungamo, anachijambula bwino. Munali mu Okutobala wa 1974, tsiku limene mlendo wamkulu wa chipani anabwera kudzaona asodzi a ku Senga Bay. Wapampando wa nthambi, a Lawson, analamula kuti maboti onse atsitsidwe makoka, atsukidwe, afole pamadzi mphuno zitaloza kumtunda, eni ake aime pamchenga n'kumayimba. Jailosi, yemwe anali yekha wa kamera m'dera lonselo, anakwera pathanthwe la kummwera kwa doko n'kuyang'ana m'kamera mwake. Zonse zinali m'malo mwake kupatula boti limodzi la kumapeto kwa mzere, lakale, losupuka penti, dzina lakuti Subira likungooneka mwa apo ndi apo. Jailosi anali munthu wokonda zoyera, wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anakuwa kuti mwini chiphakasa icho achichotse chisaipitse chithunzi cha boma. Mwini wake anali Abdulkarim. Analowa m'madzi, n'kukankhira boti lake kuseri kwa thanthwe.

M'mawa womwewo mphunzitsi wina amene ankafunidwa ndi akuluakulu anawoloka nyanja n'kuzimiririka kutsidya. Patapita masiku atatu kunabwera galimoto ya ku boma, ndipo munatsika bwana Jameson, wapolisi wosavala yunifolomu, wolankhula motsitsa ngati akupepesa maliro. Iye sanavutike ndi kufunsa mudzi wonse. Anatsitsa chithunzi chija pakhoma la ofesi ya chipani, n'kuuza a Lawson kuti atchule mwini wa boti lililonse limene likuonekapo. Amene boti lake palibe, ndiye anawolotsa munthu. Maboti analipo khumi ndi limodzi, la Abdulkarim panalibe.

Abdulkarim anafotokoza kuti wojambula ndi amene anamuthamangitsa. Jailosi ataitanidwa anaona maunyolo ali patebulo, anaona cholembera chikudikira. Ananena kuti tsikulo kunali anthu ambiri, sangathe kudziwa amene analipo ndi amene panalibe. Apolisi anamutenga Abdulkarim. Botilo analikokera pamchenga kuseri kwa ofesi, analikhazika pazipika, n'kuikapo amuna awiri a chipani kuti azililonda ngati lingathawe lokha.

Panatha milungu iwiri Jailosi akuyenda mozemba njira ya kumsikiti. Koma wolakwa sabisala m'mudzi wa nyumba makumi asanu. Esha, mkazi wa Abdulkarim, anamupeza masana ena ali pakhonde la kachipinda kake kotsukira zithunzi. Sanalire ndipo sanatukwane, zimene zikanamupepukira Jailosi. Anangokhala pansi, n'kukonza mpango wake, n'kumuuza kuti anamva kwa mkazi wina wogulitsa mandasi ku boma kuti Lolemba likudzalo omangidwa onse awatumiza kummwera, kumene munthu amapita opanda mlandu wozengedwa komanso opanda tsiku lotulukira.

"Ndinaliko dzulo," anatero Esha. "Ndawauza bwanawo kuti inu munajambula ziwiri, china musanamuthamangitse. Akuti mupite nacho Loweruka."

Jailosi anakumbukira tsikulo. Zinali zoona kuti anajambula ziwiri, koma zonsezo Subira anali atachoka kale. Anayesa kunena kuti apita yekha akasinthe mawu ake, koma Esha anamuyang'ana ngati mwana amene akufuna kutunga madzi ndi dengu. Mawu a munthu amene wanenapo ziwiri ndani angawalembe? Bwanayo ankafuna pepala, poti ndi pepala limene linamangitsa munthu.

"Ine sindidziwa za makina anu, a Jailosi. Munalichotsa ndinu. Mulibwezeretse."

Atachoka mayiyo, Jailosi anatulutsa negetivi yachiwiri ija n'kuiyang'ana ndi galasi lokulitsa. Kumapeto kwa mzere wa maboti kunali mpata wa madzi oyera, pomwe Subira anaima poyamba. Malo analipo. Kuika chinthu pachithunzi pomwe panalibe sikunali kwachilendo kwa iye. Anali ataikapo mkwati pambali pa galimoto imene sanaikwerepo, ndi anyamata a ku Joni pansi pa nyumba zosanja za pakalendala. Koma awo anali makasitomala ofuna kunamizidwa. Uyu anali munthu wolipidwa kuti azikayikira, ndipo akagwira bodzalo, galimoto ya Lolemba inyamula awiri, mwinanso atatu ndi Esha.

M'bokosi lake munali negetivi yakale ya Subira, imene anajambula chaka chapitacho pa tsiku la Idi. Anaiika pambali pa inzake, n'kuona kuti sizikugwirizana. Yakaleyo inajambulidwa dzuwa litapendeka, kuwala kukuchokera kumtunda, mphuno ya boti ikuwala, kumbuyo kuli bii. Pa chithunzi cha msonkhano dzuwa linkachokera kunyanja, kudzanja lamanja, ndipo mithunzi yonse, ya anthu, ya maboti, ya mlongoti wa mbendera, inagonera kumtunda. Akanatha kutembenuza negetivi kuti kuwala kuchokere mbali yoyenera, koma pamenepo mphuno ikanaloza kunyanja, dzina n'kuwerengeka chobwerera m'mbuyo. Panalibe kuchitira mwina. Botilo linayenera kujambulidwanso, pa ola lomwelo la dzuwa, pamaso pa alonda ake.

Ola analipeza pa mlongoti wa mbendera. Anauyeza ndi kachitsotso pachithunzi, n'kuyezanso mthunzi wake pamchenga, ndipo zinali zofanana kutalika. Choncho ankafunika nthawi imene ndodo yoimikidwa pansi imakhala ndi mthunzi wolingana nayo. Kenako anayang'anitsitsa m'madzi pansi pa maboti enawo. Boti lililonse linali ndi zinthu ziwiri zosiyana zimene wosadziwa amazisokoneza. Panali mthunzi wake, wogwera pamchenga wa pansi pa madzi, wothawa dzuwa kulowera kumtunda. Panalinso chithunzithunzi chake pamwamba pa madzi, chozondoka, chimene sichisamala za dzuwa koma chimatsika molunjika kubwera kwa woyang'ana. Ndipo m'chithunzithunzicho simunkaoneka mipando kapena matabwa a m'kati, ngakhale kuti kuchokera pathanthwe zinkaoneka pang'ono pa boti lenilenilo. Madzi amaona boti kuchokera pansi. Ukangozondotsa chithunzi chomwecho n'kuchimata m'munsi, mipando imaonekera m'madzi, ndipo diso la munthu limadziwa kuti pali chalakwika ngakhale mwini diso asathe kuchitchula. Ndiye ankafunika kulijambula kawiri, kamodzi kamera ili pamwamba pang'ono, kenanso ili pansi penipeni.

Lachinayi m'mawa anavala tayi yake, kamera pakhosi, n'kupita kuseri kwa ofesi. Alonda aja anawapeza akukazinga chimanga. Anawauza kuti n'zamanyazi kuti anthu ogwira ntchito yotamandika chonchi alibe chithunzi ali ndi boti limene anagwira, choti adzaonetse ana awo. Wamkulu wa awiriwo, wa chipsera pachibwano, anafunsa ngati apampando akudziwa. Jailosi anati apampando adzalandira chawo chachikulu. Anthuwo anayamba kupisira malaya ndi kupukuta mabaji.

Anazika kandodo mumchenga, n'kumacheza nawo za mpira, diso lili pa mthunzi. Mthunziwo unkafupika mwaulesi ngati ukuchita dala. Utalingana ndi ndodo anawapempha kuti aime kaye pambali ayeze kuwala. Anawerenga mapazi khumi kuchokera pa boti, mbali ya kummwera monga pathanthwe paja. Kamera yake inali ya mtundu woyang'anira pamwamba, yogwirira pamimba, ndipo pamtunda umenewo inkaona boti mopendekera chimodzimodzi ndi mmene inkaonera maboti ena ili pathanthwe patali. Anadina. Kenako anaiika pamchenga, n'kugwada ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kupukusa filimu ndi chala chimodzi.

"Nanga pansipo mukujambula chiyani, achimwene?" anafunsa wa chipsera uja, ataima kumbuyo kwake.

Mthunzi wa munthuyo unagwera pa kamera, koma sunafike pa boti. Jailosi anadina uku akutsokomola, n'kuyankha kuti makina awa akatentha amafuna kupuma pansi, apo ayi nkhope zimatuluka zotupa. Munthuyo anaganiza za nkhope yake, n'kubwerera. Anawajambula katatu atagwira botilo ngati anapha mvuu, ndipo pobwerera kunyumba malaya a Jailosi anali atamatirira kumsana.

Kachipinda kake kanali ka malata, kotsekedwa ndi mabulangete pazenera ndi pakhomo, makina okulitsira zithunzi akuyendera batire ya lole. Masana a Okutobala munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, mankhwala otsukira ankafunda msanga, moti ankaviika mabotolo mumtsuko. Anatsuka filimu, n'kuiyanika, ndipo zonse ziwiri zinatuluka bwino. Koma boti linali pamtunda, mimba yonse ili poyera, ndipo anayenera kusankha pomwe madzi adzalidule. Apa sanavutike. M'mbali mwa Subira munali mzere wa ndere zouma, wowongoka ngati wolembedwa ndi rula, pomwe madzi ankalekeza zaka zonsezi. Anathokoza Mulungu pomupatsa chizindikiro chaulere.

Anawalitsa negetivi ya boti papepala wamba, n'kuichepetsa mpaka italingana ndi maboti oyandikana nawo, n'kuipendeketsa kuti mzere wa ndere ugone bwino. Anatsata m'mphepete mwake ndi pensulo, n'kudula pepala lakuda ndi lezala, kutulutsa kaboti kakuda ndi bowo lake. Poyamba ankawalitsa chithunzi cha doko kaboti kakuda katatchinga malo ake pagalasi. Kenako ankasintha negetivi, n'kuphimba pepala lonse kusiya bowo lokha, n'kuwalitsa boti. Likaphonya ndi ulusi umodzi, boti linkatuluka ndi mkombero woyera ngati woyera mtima wa pakalendala ya kutchalitchi. Mapepala asanu anapita choncho. Mchenga unalinso utawalitsa m'mbali mwa boti kuchokera pansi, zimene madzi sachita kwenikweni, ndiye ankawonjezera kuwala m'munsimo kuti mude mofanana ndi anzake.

Lachisanu, mwazini wa kumsikiti akuitanira anthu ku mapemphero a Juma, iye anali pa chithunzithunzi. Anatenga negetivi ya pansi ija, n'kuigudubuza kuti kumwamba kupite pansi koma mphuno ikhalebe kumtunda. Anaiwalitsa nthawi yochepa, atasokoneza diso la makina pang'ono kuti isathwe, uku akugwedeza timizere ta pepala pamwamba pake kuti iduke monga timafunde tinkadulira za maboti ena. Mthunzi wa pansi pa madzi anaupanga ndi katoni yoboola, wofuwa, wotulukira kutsogolo kwa mphuno ndi muyeso womwewo wa boti loyandikana nalo. Pepala lachisanu ndi chinayi litayandama m'mbale ya mankhwala, pansi pa getsi lofiira, Subira anatuluka pang'onopang'ono atakhala pamadzi pakati pa anzake. Jailosi anakonza timadontho ndi kaburashi, n'kujambulanso chithunzicho ndi kamera pamthunzi wa khonde kuti pakhale negetivi imodzi yopanda msoko. Ngakhale anali ndi mantha, ananyada. Ntchito yabwino chotere anali asanagwirepo, ndipo zinamuwawa kuti sadzaiuza munthu.

Loweruka, m'malo modikira ku boma, bwana Jameson anabwera yekha ku ofesi ya chipani, dzuwa litangokwera pang'ono. Analandira chithunzi ndi negetivi, n'kuyang'ana negetiviyo pazenera nthawi yaitali. Anafunsa chifukwa chimene chithunzichi sichinatuluke kale. Jailosi anati anachitaya m'bokosi chifukwa cha kunyansa kwa botilo, ndipo tsiku lija anasokonezeka mutu. Bwanayo anapereka chithunzicho kwa a Lawson, amene asanakhale wapampando anali atapalasa nyanja zaka makumi awiri. A Lawson anachiyang'ana, maso awo anaima pa Subira, kenako anakwera n'kuima pa Jailosi. Kuyang'ana kwawo kunali kwa munthu amene waona ntchentche mu mkaka wa mlendo.

"Ine za makamera sindizidziwa," anatero bwana Jameson mofatsa. "Koma boti lilipo, nyanja ilipo, dzuwa ndi lomwe lija. Tiliike pamalo pake tione ngati zifanane."

Anaitana asodzi amene anali padoko kuti akankhe botilo. Pakati pawo panali Twaibu, mlongo wake wa Esha, munthu wamfupi wa mapewa otambalala. Iye ndi amene analowa nalo m'madzi mpaka m'chifuwa, n'kuliimika kumapeto kwa maboti ochepa amene anali padoko, n'kuponya mwala wa nangula. Jailosi, bwanayo ndi a Lawson anakwera pathanthwe. Anthu anayamba kusonkhana pamchenga, ndipo Esha anaima payekha pafupi ndi thandala la usipa. Nyanja inali bata monga tsiku lija.

Jailosi anayang'ana pansi. Subira anayandama pamwamba, wopepuka ngati chikho. Mzere wa ndere unali pamwamba pa madzi ndi chikhatho chathunthu, ndipo pansi pake pankaoneka lamba wakuda wa mimba ya boti, amene ankaonekanso kachiwiri m'chithunzithunzi. Pa chithunzi chake lamba ameneyo panalibe. Apo m'pamene anazindikira chimene mwana aliyense wa padoko amadziwa. Ndere zimamera pomwe madzi amafika boti likakhala ndi khoka lonyowa, miyala ndi zingwe, monga limakhalira masiku onse. Tsiku la msonkhano maboti anali opanda kanthu. Anayang'ana pa pepala lili m'manja mwa bwanayo, ndipo zinalidi choncho: maboti khumi ndi limodzi anali ndi malamba awo akuda, la Abdulkarim lokha linakhala mozama ngati ladzaza nsomba. Anali atayeza dzuwa, atayeza mithunzi, koma anali mwana wa kumunda, wa ku Dowa, ndipo boti sanalidziwe.

Bwana Jameson anakweza chithunzicho kuti afananize. Jailosi anamva mawu ake omwe akutuluka asanawaganize.

"Bwana, nthawi siinakwane. Dzuwa likadali pansi, mithunzi ndi yaitali. Mukafananiza pano mundinamizira."

Anaonetsa mlongoti wa pachithunzi ndi mthunzi wake, n'kufotokoza za kulingana kwake. Bwanayo anaoneka kuti wakonda nzeruyo. Analamula mlonda wa chipsera uja kuti azike nkhafi mumchenga moongoka, n'kukhala pansi pathanthwe, chithunzi atachivundikira pabondo, n'kuyatsa ndudu. Mthunzi wa nkhafi unali wotalika kuposa nkhafiyo ndi theka. Jailosi anadziwa kuti wagula mwina mphindi makumi anayi, koma sanadziwe kuti wazigulira chiyani. Anaganiza zothawa, koma kuthawira kuti, kutsogolo nyanja, kumbuyo galimoto. Anaganiza zogwada n'kuulula kuti asiye Esha kunja kwa nkhaniyi.

Twaibu anali akadali m'madzi, kuseri kwa boti, mutu wokha ukuoneka, ngati akulimbana ndi chingwe cha nangula. Padoko panali zii. Asodzi amene nthawi zonse sakhala osakangana anangoti ndwii, ena akuyang'ana kumapazi, ena kuthambo, ndipo Jailosi anadabwa kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana botilo. Iye analiyang'ana. Lamba wakuda uja anamuonekera ngati wachepa. Anaphethira, n'kuganiza kuti ndi maso a mantha. Patapita kanthawi anayang'ananso, ndipo panatsala zala zitatu.

Boti la matabwa likakhala milungu itatu pamchenga wa Okutobala, matabwa amauma n'kutsegula misoko. Subira ankamwa madzi. Kuchokera pathanthwe munthu ankaona mipando ndi m'mphepete mwa mbali ya kutali, koma pansi pa boti sipankaoneka. Aliyense pamchengapo ankadziwa chimene chikuchitika, ndipo panalibe amene anathamangira chikho chokapira, chinthu chimene msodzi amachita asanaganize n'komwe ngakhale boti likhale la mdani wake.

Tsopano zinthu ziwiri zinkayenda, mthunzi ukufupika pamchenga, boti likutsika pamadzi, ndipo Jailosi analibe mphamvu pa chilichonse. Mthunzi ukafika msanga, lamba aoneka. Ukachedwa, madzi apitirira ndere, ndipo mwina boti lipendekera mbali imodzi. Bwana Jameson anamaliza ndudu, n'kuyang'ana wotchi, n'kufunsa mlonda ngati zalingana. Mlondayo anayeza ndi mapazi n'kunena kuti kwatsala phazi limodzi. Panatsala zala ziwiri za lamba. A Lawson anaima pambali pa Jailosi, manja kumbuyo, akupuma mwamphamvu. Ndi iwo amene anatchula mayina a maboti tsiku lija. Mawu awo amodzi akanakwana.

"Uyo m'madziyo achoke," anatero bwanayo. "Pachithunzi palibe munthu."

Twaibu anatuluka pang'onopang'ono, osavundula madzi, dzanja limodzi atalifumbata. Akudutsa pansi pa thanthwe Jailosi anaona kansanza kakuda ka phula kakusuzumira pakati pa zala zake, kamene amatsekera misoko ya boti. Timafunde ta kuyenda kwake tinafika pa boti, chithunzithunzi chinasweka, n'kuyamba kubwerera. Mlonda anakweza dzanja kuti mthunzi walingana.

Bwana Jameson anaimirira, n'kutambasula dzanja lili ndi chithunzi, n'kutsinzina diso limodzi. Madzi anali atangokhudza ndere. Kumbuyo kwa boti kunkawala, mphuno ili mumdima wake, mthunzi wofuwa utagona pamchenga wa pansi kulowera kumtunda, ndipo pansi pa boti panapachikika linzake lozondoka, lopanda mipando, zilembo za Subira zikugwedera chadodolido. Bwanayo anayang'ana pepala, n'kuyang'ana nyanja, kanayi kapena kasanu. Jailosi ankawerenga mumtima, akudziwa kuti mphindi iliyonse ndere zikumira.

"Apampando, inu ndinu a panyanja. Mukuona bwanji?"

A Lawson anatenga chithunzicho. Anachigwira nthawi yaitali kuposa mmene chinkafunikira, chala chawo chachikulu chitaphimba maboti awiri oyandikana ndi Subira.

"Ndi lomweli, bwana. Ndi pomwe linali."

Bwanayo anapinda milomo, osakondwa komanso osakwiya, ngati munthu amene ntchito yamuchulukira. Anaika chithunzi ndi negetivi m'chikwama, n'kuuza Jailosi kuti tsiku lina akadzafunsidwa aziyankha zonse tsiku loyamba. Anatsika pathanthwe, n'kuima kaye pamchenga kufunsa a Lawson ngati kungapezeke chambo chabwino choti apite nacho kunyumba. Anasankha nsombazo yekha, imodziimodzi, akuzitembenuza, msana atalozetsa kunyanja, pamene kumbuyo kwake Subira ankatsika mpaka zilembo zinayamba kunyowa. Galimoto italowa m'mitengo ya migwalangwa, amuna asanu ndi mmodzi anathamangira m'madzi ndi zikho ndi ndowa, osalankhulana.

Jailosi anatsalira pathanthwepo. A Lawson asanatsike anali atamuuza motsitsa, osamuyang'ana, kuti ngati ali ndi mapepala ena a ntchito imeneyi awotche lero lomwe, ndipo asadzaikenso boti pamadzi asanafunse eni madzi.

Lolemba galimoto ya kummwera inanyamuka popanda Abdulkarim. Anamutulutsa Lachitatu, opanda pepala kapena mawu, ndipo anafika kumudzi pa lole ya makala. Jailosi anadikira masiku awiri kuti abale athe kaye kumuona, kenako anapita, tayi ataisiya. Anamupeza pakhonde atakhala pamphasa, wowonda, ndevu zitayera, akusoka khoka pang'onopang'ono. Panali amuna ena anayi ndi Esha akupeta mpunga chapatali. Jailosi anagwada kudzanja lamanja la munthuyo, n'kutsitsa mawu kuti enawo asamve. Anati ndi iye amene anamupachika, kuti tsiku lija ankadziwa zonse koma anachita mantha, ndipo akupempha kuti amukhululukire.

Abdulkarim anapitiriza kusoka, osatembenuka. Jailosi anadikira, manyazi akumutentha kumaso, n'kuganiza kuti ndi yankho lakelo, ndipo n'loyenera. Anayamba kudzuka.

"Sanakumveni," anatero Esha, lichero lili m'manja. "Khutu ilo anamuphera komweko. Linalo limamva pang'ono, koma mukweze mawu."

Amuna aja anasiya kucheza. Jailosi anazungulira mphasa, n'kugwada mbali inayo, pomwe onse ankamuona. Abdulkarim anaika singano pansi n'kumupendekera mutu, ndipo Jailosi anayambanso kuchokera poyamba, mokweza.